Mwana walemba rombasi, aphunzitsi athetha: walakwitsa pati?

Mayi wa ana atatu:
Moni nonse. Ndithandizeni, chifukwa ine masamu ndinawasiya kalekale. Mwana wanga wabwera dzulo ndi kope lake ali wokhumudwa kwambiri. Funso linali lotere: pali chithunzi cha mbali zinayi ABCD, madayagonolo ake AC ndi BD akudulana pa O, ndipo pamene akudulanapo pali ngodya ya madigiri 90. Anawapatsa kuti BO ndi masentimita 12, OD ndi 12, AO ndi 5, OC ndi 16. Atchule dzina la chithunzicho. Iye analemba kuti rombasi, aphunzitsi athetha, ndipo sanalembepo yankho lolondola. Mwana akuumirira kuti anaphunzira kuti madayagonolo a rombasi amadulana pa madigiri 90. Ndayang'ana m'kope mwake, zinalembedwadi choncho. Ndiye walakwitsa pati?

Wophunzira uphunzitsi:
Amayi, mwanayo sananame. Madayagonolo a rombasi amadulanadi pa madigiri 90. Ine ndikuona ngati aphunzitsi anafuna kuti alembe sikweya, chifukwa sikweya nayonso ili ndi khalidwe lomweli.

Mphunzitsi wopuma:
Ayi achimwene, sikweya siingatheke apa. Phatikizani manambalawo: AC ndi 5 kuphatikiza 16, ndiye 21. BD ndi 12 kuphatikiza 12, ndiye 24. Madayagonolo a sikweya amakhala otalika mofanana, awa akusiyana.

Amayi, yankho ndi kayiti. Chimene mwana wanu anaphunzira ndi choona, koma wachiwerenga chobwerera m'mbuyo. Rombasi iliyonse madayagonolo ake amadulana pa madigiri 90, inde. Koma si chithunzi chilichonse chimene madayagonolo ake amadulana pa madigiri 90 chili rombasi. Rombasi imafuna chinthu china chowonjezera: dayagonolo iliyonse iyenera kudulidwa pakati penipeni ndi inzake. Apa BD yadulidwadi pakati, 12 uku 12 uko. Koma AC yadulidwa 5 ndi 16. Imodzi yokha ndiyo yagawidwa pakati, ndipo chimenecho ndicho chizindikiro cha kayiti.

Mayi wa ana atatu:
Zikomo Aphunzitsi. Koma ndikangomuuza kuti ndi kayiti aloweza basi, mawa alakwitsanso. Ndingamusonyeze bwanji kuti aone ndi maso?

Mphunzitsi wopuma:
Funso labwino limenelo. Musayambe ndi kujambula mbali, yambani ndi madayagonolo. Dulani timitengo tiwiri towongoka, kena ka masentimita 24, kena ka 21. Ka 24 mukalembe chizindikiro pakati penipeni. Ka 21 mukalembe chizindikiro pa masentimita 5 kuchokera kunsonga. Tigonekeni pa pepala mopingasana, zizindikirozo zikumane, ndipo ngodya ikhale yowongoka ngati ya pakona ya buku. Kenako mwana alumikize nsonga zinayizo ndi rula ndi pensulo.

Akayeza mbalizo apeza kuti ziwiri zam'mwamba ndi masentimita 13 iliyonse, ziwiri zam'munsi ndi 20 iliyonse. Ngati anaphunzira kale lamulo la Paithagorasi akhoza kutsimikiza osayeza:

```
AB² = 5² + 12² = 169, AB = 13
BC² = 16² + 12² = 400, BC = 20
```

Rombasi mbali zake zonse zinayi zimalingana. Apa muli 13, 13, 20, 20, ndipo zolinganazo zayandikana, zikukumana pa kona imodzi. Pamenepo mwana aona yekha kuti si rombasi.

Akatha, asachotse timitengoto. Akankhe pang'onopang'ono ka 24 kutsika nako mpaka kafike pakati pa ka 21, pa masentimita 10.5, osasintha ngodya. Alumikizenso nsonga. Mbali zam'mwamba zatalika, zam'munsi zafupika, zonse zalingana. Imeneyo ndiye rombasi imene ankaifuna. Kusiyana kwa ziwirizi ndi malo okhawo pamene timitengo takumanirana.

Mmisiri wa matabwa:
Pepani ndilowerere. Ine za rombasi sindizidziwa, koma madayagonolo ndimawayeza tsiku lililonse. Ndikakhoma felemu ndimakoka tepi kuchokera kona ina kufika kona yoyang'anizana nayo, kenako mbali inayo. Zikafanana ndiye kuti felemu ili sikweya, makona onse ali bwino. Zaka zonsezi ndakhala ndikuchita choncho. Ndiye lamulo ndi lapafupi: madayagonolo ofanana, rekitango. Mwana angoloweza limenelo.

Wophunzira uphunzitsi:
Eya, zimenezo ndi zoona. Rekitango madayagonolo ofanana, rombasi madayagonolo a madigiri 90, sikweya zonse ziwiri. Ndi mmene ine ndinalowezera.

Mphunzitsi wopuma:
Bambo amisiri, njira yanu ndi yabwino ndipo imagwira ntchito, koma imagwira chifukwa cha chinthu chimene mumachita musanatenge tepi. Ndikufunseni: matabwa awiri oimirira mumawadula bwanji? Nanga lam'mwamba ndi lam'munsi?

Mmisiri wa matabwa:
Ndimawagoneka pamodzi awiriawiri n'kuwadula kamodzi, kuti alingane. Zimenezo n'zosachita kufunsa.

Mphunzitsi wopuma:
Pamenepo ndi pamene pagona nkhani. Mukadula awiriawiri olingana, felemu yanu ndi paralelogiramu kale musanayeze kanthu. Ikhoza kupendekeka, koma mbali zoyang'anizana zikhalabe zolingana. Ndiye tepi ikungokuuzani ngati yapendekeka kapena ayi. Paralelogiramu yokhala ndi madayagonolo ofanana ndi rekitango, pamenepo palibe chotsutsa.

Koma tiyeni tiyese felemu imene sinadulidwe mosamala. Munafuna ya masentimita 90 m'lifupi, 120 m'litali. Dayagonolo yake iyenera kukhala 150. Tsopano tinene kuti wina walakwitsa: thabwa lam'mwamba walidula 88, lam'munsi 92, ndipo walakwitsa mofanana mbali zonse, moti lam'mwamba lalowa mkati masentimita 2 kumanzere ndi 2 kumanja. Mtunda wochokera pansi kufika pamwamba ukadali 120. Kokani tepi kuchokera kona yapansi kumanzere kufika yam'mwamba kumanja. Chopingasa mwayenda 92 kuchotsa 2, ndiye 90. Chokwera mwayenda 120. Tepi iwerenga 150. Inayonso iwerenga 150. Ngakhale matabwa oimirirawo mukawayeza mupeza 120, chifukwa kupendekeka kwakeko kumangowonjezera kachidutswa kosakwana theka la milimita. Komabe palibe kona ndi imodzi yomwe ya madigiri 90. Ziwiri zapansi zili pafupifupi 89, zam'mwamba pafupifupi 91. Chimenecho si rekitango, ndi tirapiziyamu ya miyendo yofanana.

Mmisiri wa matabwa:
Aphunzitsi, mwandikumbutsa chinthu chimene chinandisowetsa tulo. Nthawi ina ndinali ndi mnyamata wophunzira ntchito, ndinamusiyira kuti adule matabwa a kabati. Nditabwera ndinangokoka tepi m'madayagonolo, zinafanana, ndinati khoma. Titapachika chitseko chinkakhula pamwamba, pansi mpata wolowa chala. Ndinanena kuti thabwa lapindika ndi chinyezi. Ndinapala chitseko mpaka chinalowa, koma mtima sunakhazikike. M'lifupi sindinayeze pamwamba ndi pansi padera. Mwina ndi zimenezi.

Mphunzitsi wopuma:
Sindingalumbire popeza kabatiyo sindinaione, ndipo thabwa limapindikadi. Koma zizindikiro zake zikufanana. Madayagonolo okha akanatha kukuuzani mukanawafunsa funso lachiwiri. Mumange ulusi uwiri m'makona, muyike chizindikiro pamene wadulana, muyeze kuchokera pamenepo kufika kona iliyonse. Mu rekitango ya 90 ndi 120 mupeza 75 kanayi. Mu felemu yolakwika ija mupeza pafupifupi 76.7 kupita kumakona apansi ndi 73.3 kupita kumakona am'mwamba. Kutalika n'kofanana, koma sanadulane pakati.

Telala:
Ine ndamva za kayiti ndiye ndabwera. Mwana wanga wamng'ono amafuna ndimusokere kayiti ya nsalu youlutsa. Timitengoto tizikhala totalika bwanji kuti iuluke bwino? Ndipo mchira ndi wofunika?

Wophunzira uphunzitsi:
Amayi atelala, tikukamba za kayiti ya m'masamu, chithunzi cha pa pepala, osati youlutsa.

Telala:
Oo pepani. Koma si maonekedwe omwewo? Ndiye ndifunse china chokhudza nsalu. Ndikakhala ndi timitengo tiwiri topingasa, ndingadziwe bwanji kukula kwa nsalu imene ikwanire?

Mphunzitsi wopuma:
Musapepese Amayi, dzinalo linachokera komweko. Za mchira ndi mphepo ndisiyira ena, koma za nsalu ndiyankha, chifukwa zikuthandiza mwana wa mayi anayambitsa nkhaniyi.

Tengani kayiti yomwe ija ya 21 ndi 24. Jambulani bokosi loizungulira, lokhudza nsonga zake zinayi, mbali zake zikutsata timitengoto. Bokosilo ndi 21 m'litali, 24 m'lifupi. Timitengo taligawa m'zipinda zinayi, ndipo m'chipinda chilichonse mbali ya kayiti ikudutsa kuchokera kona kufika kona, n'kugawa chipindacho pawiri. Theka lili mkati mwa kayiti, theka lili kunja. Ndiye kayiti yonse ndi theka la bokosi:

```
(21 × 24) ÷ 2 = 252
```

Masikweya sentimita 252. Inu monga telala mudziwa kuti nsalu yogula ndi ya bokosi lonse, kuwonjezapo ya mpendero, pokhapokha ngati mukufuna kulumikiza zidutswa zotsalazo.

Wophunzira uphunzitsi:
Ndayesa njira imeneyi pa felemu ya amisiri. 150 kuchulukitsa ndi 150, kugawa ndi 2, ndapeza 11250. Koma 90 kuchulukitsa ndi 120 ndi 10800. Ndalakwitsa pati?

Mphunzitsi wopuma:
Kuchulukitsa simunalakwitse. Mwagwiritsa njira pamalo pamene siigwira. Bokosi lija limatheka chifukwa timitengo tapingasana pa madigiri 90. Madayagonolo a rekitango ya 90 ndi 120 sadulana pa 90, amadulana pafupifupi pa 74 ndi 106. Njira ya theka la madayagonolo ndi ya kayiti, rombasi, sikweya, ndi chithunzi china chilichonse chimene madayagonolo ake apingasana mowongoka. Rekitango imene si sikweya ilibe gawo pamenepo.

Wokonzekera mayeso:
Aphunzitsi, ine ndasokonezeka pang'ono. Mwati madigiri 90 si umboni wa rombasi. Chabwino. Ndiye tinene kuti madigiri 90 ndi umboni wakuti ndi kayiti kapena rombasi kapena sikweya, chimodzi mwa zitatuzi?

Mphunzitsi wopuma:
Ngakhale zimenezo ayi, mwanawe. Tenga chithunzi cha funso lija, usinthe chinthu chimodzi: OD ikhale 30 m'malo mwa 12. Ngodya pa O ikadali 90. Mbali zikhala 13, 20, 34 ndi ina ya pafupifupi 30.4. Palibe ziwiri zolingana. Chimenecho si kayiti, si rombasi, ndi chithunzi cha mbali zinayi chabe chimene madayagonolo ake apingasana mowongoka.

N'chifukwa chake ine ndikamaphunzitsa ndinkayamba ndi funso la pamene madayagonolo adulana, ena onse pambuyo. Kodi onse awiri adulidwa pakati? Ngati inde, uli m'banja la paralelogiramu, ndipo mafunso awiri otsalawo ndiwo akuuza kuti ndi mwana uti wa m'banjamo. Akakhala otalika mofanana ndi rekitango. Akapingasana pa 90 ndi rombasi. Akachita zonse ziwiri ndi sikweya. Akapanda kuchita chilichonse ndi paralelogiramu wamba. Ngati imodzi yokha ndiyo yadulidwa pakati, yang'ana ngodya: ikakhala 90 ndi kayiti, ikapanda kukhala 90 chithunzicho chilibe dzina lapadera limene ungafunsidwe. Ngati palibe yadulidwa pakati, samala, chifukwa apa ndi pamene pamabisala tirapiziyamu ya amisiri ija. Imeneyo madayagonolo ake ndi ofanana ndipo onse adulidwa mofanana, chidutswa chachifupi ndi chachifupi chinzake kumbali imodzi, zazitali kumbali inayo.

Ana ambiri amayamba ndi mafunso awiri otsirizawo chifukwa ndi osavuta kuona pa chithunzi. Loyambalo amalidumpha, ndipo ndi limene limawagwetsa.

Wokonzekera mayeso:
Nanga atati madayagonolo ndi ofanana komanso apingasana pa 90? Pamenepo ndiye sikweya basi, si choncho? Zinthu ziwiri zakwana.

Mmisiri wa matabwa:
Ndiyese kuyankha ine, Aphunzitsi andikonze. Nditenga timitengo tiwiri ta 24 tonse. Kena ndikadule pakati, 12 ndi 12, koma kenako ndikadule 5 ndi 19. Ndi tofanana, tapingasana mowongoka, koma chituluke ndi kayiti, mutu waufupi thupi lalitali. Sikweya ituluka pokhapokha ndikakankhira pa 12 ndi 12.

Mphunzitsi wopuma:
Palibe chokonza pamenepo Bambo. Mwayankha bwino kuposa mmene ndikanayankhira.

Wophunzira uphunzitsi:
Aphunzitsi, ndavomera kuti ndinaloweza mopereŵera. Koma chimene chikundivutabe n'chakuti ana akandifunsa chifukwa chake, ndiwayankha chiyani? Chifukwa chiyani madayagonolo ofanana odulana pakati amabala makona a 90? Timitengo tikusonyeza kuti zimachitika, koma sitikunena chifukwa.

Mphunzitsi wopuma:
Limeneli ndi funso la mphunzitsi weniweni, ndipo yankho lake ndi lalifupi. Ngati madayagonolo ndi ofanana ndipo adulana pakati, ndiye kuti OA, OB, OC ndi OD zonse ndi zofanana. Yang'anani thirayango ABC yokha, muiwale D. Mzere OB waigawa m'mathirayango awiri. Mu AOB, OA ndi OB n'zofanana, choncho ngodya ya pa A ndi kachigawo ka ngodya ya pa B n'zofanana, tizitche x. Mu BOC, OB ndi OC n'zofanana, choncho kachigawo kotsala ka pa B ndi ngodya ya pa C n'zofanana, tizitche y. Ngodya zonse za thirayango ABC zikaphatikizidwa ndi 180:

```
x + (x + y) + y = 180
x + y = 90
```

Ndipo x kuphatikiza y ndiyo ngodya yonse ya pa B. Makona enawo ndi chimodzimodzi. Onani kuti sitinatchule ngodya imene timitengo tapingasana nayo. Muzitsekula kapena kutseka ngati sizasi, rekitango isintha kukhala yayitali kapena yonenepa, koma makona akhalabe 90. Mukakhala ndi kampasi, ibayeni pa O muitsekule kufika pa A, muzungulize. Idutsa m'makona onse anayi.

Za kayiti n'zapafupi kuposa pamenepa. AC ikudutsa pakati pa BD mowongoka. Malo aliwonse pa mzere wotero ali pa mtunda wofanana kuchokera ku B ndi ku D. A ali pa mzerewo, ndiye AB ndi AD n'zofanana. C alinso pomwepo, ndiye CB ndi CD n'zofanana. Mu rombasi zimenezi zikuchitika kawiri, dayagonolo iliyonse ikuchitira inzake, ndiye mbali zonse zinayi zimangirizana.

Telala:
Ine ndikumva zina, zina zikundipitirira. Koma pali chimene ndikudziwa ndi manja. Nsalu ya sikweya ndikaipinda kona ndi kona imagwirizana bwinobwino, m'mphepete ndi m'mphepete. Nsalu yotalika mbali imodzi ndikaipinda motsata kona ndi kona siigwirizana, nsonga zimatulukira uku ndi uku ngati makutu. Zikugwirizana ndi zimene mukukambazi?

Wokonzekera mayeso:
Koma Amayi, dayagonolo ya rekitango imaigawa m'mathirayango awiri ofanana ndendende. Ndiye iyenera kugwirizana mukapinda. Mwina nsaluyo inali yokhota.

Mphunzitsi wopuma:
Mwanawe, tenga pepala la A4 pompano upinde motsata dayagonolo, kenako ubwere utiuze.

Wokonzekera mayeso:
Ndapinda. Silikugwirizana. Makona awiri atulukira pambali ngati mmene Amayi anenera. Koma nditadula ndi sizasi n'kuzunguliza chidutswa chimodzi, chagona ndendende pa chinzake.

Mphunzitsi wopuma:
Ndiye nonse awiri munanena zoona. Mathirayangowo ndi ofanana, koma kuti agonane uyenera kuzunguliza, osati kupinda. Ukapinda, mbali yaifupi ya mamilimita 210 ikukagwera kumene kuli yaitali ya 297. Kupinda motsata dayagonolo kumagwirizana pokhapokha ngati mbali ziwiri zokumana pa nsonga iliyonse ya dayagonoloyo zili zofanana. Rombasi imapindika motsata madayagonolo onse awiri. Kayiti imapindika motsata imodzi yokha, imene ikudula inzake pakati, AC m'funso lathu. Rekitango imene si sikweya siipindika motsata iliyonse, iyo imapindika pakati pa mbali zake.

Apa pali chinanso chimene ana amalakwitsa. Dayagonolo imene chithunzi chimapindikirapo ndiyo imagawa ngodya za kumapeto kwake pakati. Ana amakonda kulemba 45 ndi 45 pa kona ya rekitango iliyonse. Pa felemu ya 90 ndi 120 dayagonolo imagawa kona pafupifupi 37 ndi 53. Zimakhala 45 ndi 45 mu sikweya mokha.

Mayi wa ana atatu:
Tachita za timitengo madzulo ano. Tinagwiritsa ntchito mizere yodula ku katoni, tinaiboola ndi pini. Mwana anayeza yekha n'kupeza 13 ndi 20, ina inatuluka 12.9 chifukwa pensulo inali yobuntha. Atakankhira katoni pakati anafuula kuti yasanduka rombasi. Koma kenako anandifunsa funso limene sindinathe kuyankha. Akuti pamene ankakankha, inali kayiti, kayiti, kayiti, kenako rombasi, kenako atapitirira pakati inakhalanso kayiti yozondoka. Ndiye pa nthawi imene inali rombasi, inasiya kukhala kayiti?

Wophunzira uphunzitsi:
Ine ndikuti inasiya. Buku limene ndikugwiritsa ntchito likuti kayiti ili ndi mbali ziwiriziwiri zoyandikana zofanana, ndipo awiriwo ndi osiyana kutalika. Rombasi siikwanira pamenepo. Ndipo tikauza ana kuti rombasi ndi kayiti, pa mayeso azilemba kayiti paliponse.

Mphunzitsi wopuma:
Ine ndikuti siinasiye. Palibe khalidwe la kayiti limene rombasi ilibe. Madayagonolo opingasana pa 90, ili nawo. Imodzi kudula inzake pakati, ikutero. Njira ya theka la madayagonolo, imagwira. Ngati timavomera kuti sikweya ndi rekitango, sindikuona chifukwa chothamangitsira rombasi m'banja la kayiti. Mabuku amasiyana pa nkhaniyi, ena amailowetsa ena amaitulutsa, monga mmene amasiyaniranso ngati paralelogiramu ndi tirapiziyamu. Za mayeso zimene mukuopazo, mwana aziphunzitsidwa kutchula dzina limene likunena zambiri. Chithunzi chikakhala rombasi alembe rombasi, ngakhale kuti ndi kayiti komanso paralelogiramu.

Wophunzira uphunzitsi:
Ndikumva, Aphunzitsi, koma sindinakhutire. Sikweya ndi rekitango mabuku onse amene ndawaona amagwirizana. Apa sagwirizana. Mwana akafunsidwa kuti "kodi rombasi ndi kayiti, inde kapena ayi", wochonga atsata buku lake, osati maganizo athu. Ndipo pali khalidwe lina: timaphunzitsa kuti kayiti ili ndi mzere umodzi wokha wopindira. Rombasi ili ndi iwiri.

Mphunzitsi wopuma:
Pa wochonga mwanena zoona, ndipo Amayi ayang'ane tanthauzo limene lili m'buku la mwana wawo, atsate limenelo pa mayeso. Pa mzere wopindira, mawu akuti "wokha" ndi amene mwawaikamo inu. Mukati kayiti ili ndi dayagonolo yopindira, imodzi kapena kuposa, rombasi yalowa. Tikukangana za malo oika mpanda, osati za zimene timitengo tikuchita.

Wophunzira uphunzitsi:
Mpandawo ndi umene ana amafunsidwa. Ndiganizirabe, koma pakadali pano nditsata buku.

Mmisiri wa matabwa:
Ine mkangano umenewo ndausiyira inu. Lero ndayeza felemu ya zenera imene ndinakhoma dzulo, m'lifupi pamwamba ndi pansi, m'litali kumanzere ndi kumanja, kenako madayagonolo. Ili bwino. Mnyamata amene ndili naye tsopano ndamuuza kuti asakhudze madayagonolo asanayeze mbali zinayi.

Mayi wa ana atatu:
Ndayang'ana buku lake, silikunena ngati rombasi ndi kayiti kapena ayi, langojambula ziwirizo pa masamba osiyana. Ndamuuza akafunse aphunzitsi ake. Koma sanalekere pomwepo. Anapitiriza kukankha katoni yopingasa ija mpaka inafika pa nsonga penipeni, chithunzi chinasanduka thirayango. Kenako anaipitiriza kunja, moti mizere iwiriyo siikukhudzananso, n'kulumikiza nsonga. Chatuluka chinthu chonga mutu wa muvi, kona imodzi yalowa mkati. Wayeza, mbali zikadali ziwiriziwiri zofanana. Akufunsa ngati imeneyonso ndi kayiti.

Mphunzitsi wopuma:
Mwana ameneyo akuganiza bwino, Amayi. Mbali zake zikukwanira tanthauzo la kayiti, ndipo mukatalikitsa AC ndi rula ikadulabe BD pakati pa madigiri 90, kungoti zikukumanirana kunja kwa chithunzi. Mabuku ena amaitcha kayiti yolowa mkati, ena amaipatsa dzina lakelake n'kuichotsa m'gulu. Mumuuze ayeze madayagonolo awiriwo, 21 ndi 24, awerengere theka la kuchulukitsa kwake, kenako ajambule chithunzicho pa pepala la timabokosi awerenge timabokosi tamkati. Atiuze ngati 252 ikutulukabe.